Kubanika kutulo: mkonono ukaduka, werengani

Amayi ndi abambo, uthenga uno ndi wokhudza mkonono, ndipo ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kumwetulira. Kwathu kuno munthu woliza mkonono timamuseka, kapena timamusirira kuti iyeyu ndiye amagona tulo tofa nato. Mkonono ukaduka pakati pa usiku, m'nyumba n'kuti zii, wogona naye amapumira m'mwamba kuti tsopano nanenso ndigoneko. Chimene chandilembetsa ndi zii ameneyo. Kwa anthu ambiri oliza mkonono waukulu, nthawi imene phokoso lasiya ndi nthawi imene mpweya wasiya kulowa. Munthuyo akubanika. Madokotala amawatcha matendawa apiniya wa m'tulo, ife tingoti kubanika kutulo.

Nazi zimene zimachitika kukhosi. Mpweya ukalowa m'mphuno umatsika kudzera kuseri kwa mkamwa ndi kuseri kwa lilime, kenako n'kufika pa kholingo. Kuyambira pa kholingo kupita m'mapapo njira yake ndi yolimba, ili ndi timikombero ta chicherechere, gwirani pakhosi panu mumva. Koma kachigawo kapamwamba kaja, kuseri kwa lilime, kalibe fupa kapena chicherechere. Ndi mnofu wokhawokha, ndipo chimene chimakatsegula ndi minyewa yokoka imene imagwira ntchito tili maso. Tikagona minyewayi imalefuka. Kwa ambiri njira imangochepa pang'ono, zonse n'kumayenda bwino. Kwa ena, tsinde la lilime limagwera kumbuyo, nyama yofewa ya kumwamba kwa mkamwa pamodzi ndi kanyama kolendewera kaja zimatsika, makoma a m'mbali mwa mmero n'kuyandikana. Mpweya ukamadzipanikiza pa kampata kotsalako, nyama zija zimanjenjemera, ndiwo mkonono umene timamvawo. Kampatako kakatsekeka konse, phokoso limatha.

Mwana akamayamwa filizesi, madzi aja atatha, kapulasitiki kamaphwatalala, ndipo akamakoka mwamphamvu m'pamene kamamatirana kwambiri. Mmero wa munthu wobanika kutulo umatero. Chifuwa sichisiya ntchito ayi. Mukavundukula bulangete mudzaona chifuwa ndi mimba zikukoka, zikuvutikira, koma mukaika dzanja pamphuno simumva kanthu. Ichi n'chimene chimapusitsa ambiri: amaona chifuwa chikugwedezeka n'kumati akupuma.

Tsono magazi akutani nthawi imeneyi? Kuchipatala tili ndi kachipangizo kopanira pachala kamene kamayeza okosijeni m'magazi. Munthu wabwinobwino kamawerenga pakati pa 95 ndi 100. Mmero ukatsekeka, thupi limapitiriza kudya okosijeni amene analipo, watsopano osabwera, ndipo nambala ija imayamba kutsika: 92, 89, 85, kwa odwala kwambiri mpaka m'ma 70. Munthu wogonekedwa m'chipatala akatsika pansi pa 90 timathamangira kukatenga okosijeni. Koma pano tikunena munthu amene ali pakama pake kunyumba, aliyense akuti wagona bwino. Mpweya woipa umene umayenera kutuluka nawonso umaunjikana m'magazi. Ubongo ukaona kuti zafika poipa umamudzidzimutsa munthuyo pang'ono chabe, minyewa ya kukhosi imakokanso, njira imatseguka, ndipo mumamva kufwenthera kwamphamvu ngati munthu amene wavuuka m'madzi. Amapuma befubefu kangapo, okosijeni amakwera, tulo timamubanso, mmero n'kugwanso. Kukacha iye sakumbukira chilichonse.

Achipatala timawerenga kuti munthu wabanika ngati mpweya waima kwa masekondi 10 kapena kuposa. Tikaphatikiza ndi nthawi zimene mpweya wachepa kwambiri osaima konse, n'kupeza kuti zikuchitika maulendo 5 mpaka 14 pa ola limodzi, matendawa alipo koma ndi ochepa. Maulendo 15 mpaka 29 ndi apakati. Kuyambira 30 pa ola ndi aakulu.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene bambo woyendetsa minibasi, wazaka za m'ma 40, wonenepa, khosi lalifupi lalikulu, kolala ya shati sitsekeka. Mpweya wake umaima maulendo 40 pa ola, ulendo uliwonse masekondi 20. Akagona maola 6, wabanika maulendo 240. Mukaphatikiza masekondi onsewo akukwana mphindi 80, ola lathunthu ndi mphindi 20 osapuma, usiku umodzi wokha. Maulendo 240 omwewo ubongo wake wadzidzimuka, mtima wagunda mothamanga, mitsempha ya magazi yafinyika, bipi yakwera. Bamboyu amadzuka mutu ukuwawa, kukamwa kuli gwaa, thupi lili lolemera ngati sanagone. Pa siteji akamadikira kuti minibasi idzaze amasinza, anzake n'kumamunena kuti ndi waulesi. Kenako amanyamula anthu n'kulowa mumsewu wa M1 masana dzuwa likuswa mtengo. Kusinza kwa masekondi atatu okha galimoto ikuthamanga makilomita 80 pa ola, yayenda mamita oposa 60 popanda woiyendetsa. Akazi ake mukawafunsa adzakuuzani kuti bambo amagona bwino kwambiri, mkonono wawo umamveka mpaka kwa aneba.

Ndibwerezenso, chifukwa apa m'pamene timatayira anthu: mkonono wodukaduka si tulo tabwino, ndipo si kutopa ndi ntchito.

Mtima sungapirire zimenezi usiku uliwonse kwa zaka. Bipi imene inkangokwera usiku imayamba kukhala yokwera ndi masana omwe. Ngati mukumwa mitundu itatu ya mankhwala a bipi mokhulupirika koma siikutsika, funsani amene mumagona naye za mkonono wanu, chifukwa kubanika kutulo ndi chimodzi mwa zifukwa zodziwika bwino za bipi yosamva mankhwala. Matendawa amawonjezeranso ngozi ya sitiroko, mtima wogunda mosalongosoka, ndi shuga wovuta kumuwongolera. Chizindikiro china chimene anthu sachiganizira n'kudzuka kukakodza katatu kanayi usiku. Chifuwa chikamakoka mwamphamvu mmero uli wotseka, mtima umatanuka n'kutulutsa timadzi touza impso kuti zichotse madzi m'thupi. Abambo ambiri amangoti ndi ukalamba.

Ena amadzidzimuka ndithu, akumva ngati wina wawagwira pakhosi, thukuta lili kamukamu, mtima uli phaphapha. Ndamvapo anthu akunena kuti afiti amawakanyanga usiku, ndipo ena adasamuka nyumba, ena adadana ndi abale. Mantha awo ndi enieni, sindikuwanyoza. Koma chimene chawatseka pakhosi ndi lilime lawo lomwe ndi nyama za kukhosi kwawo, ndipo adzapita nazo kulikonse kumene angasamukire. Miyezi imene ikutha mukufufuza wokulodzani, mtima wanu ukuvulala.

Zoyambitsa zake ndingozitchula mwachidule. Chachikulu ndi kunenepa, chifukwa mafuta amaunjikana m'khosi ndi m'lilime momwe. Khosi la bambo likafika masentimita 43 kuzungulira, kapena la mayi likapitirira 40, tiyenera kukayikira. Abambo amadwala kwambiri kuposa amayi, koma amayi akasiya kusamba nawonso amayandikira. Anthu owonda asadzione ngati apulumuka: chibwano chaching'ono chobwerera m'mbuyo, lilime lalikulu, matonsilo akuluakulu ndi mphuno zotsekeka nthawi zonse zimabweretsa vuto lomweli. Mowa wa madzulo umalefula minyewa ya kukhosi kwambiri, ndiponso umachedwetsa ubongo kumudzutsa munthu, choncho kubanika kumatalika ndipo okosijeni amatsika kwambiri. Mapiritsi ogonetsa monga dayazepamu amachita chimodzimodzi. Chonde, munthu wodandaula kuti sakugona bwino koma amaliza mkonono wodukaduka musamugulire mapiritsi a tulo.

Ana nawonso amadwala, makamaka azaka 2 mpaka 8. Kwa iwo kawirikawiri vuto ndi matonsilo ndi nyama zina za kuseri kwa mphuno zimene zakula mopitirira. Mwana wotere amagona kukamwa kuli yasa, khosi atalipinda chakumbuyo, amatembenukatembenuka, amatuluka thukuta, ena amakodza pogona atasiya kale. Masana sasinza ngati akuluakulu, m'malo mwake amavuta, sakhazikika m'kalasi, ndipo ena sakula bwino. Mwana woliza mkonono usiku uliwonse ngakhale alibe chimfine asamangotchedwa kuti watengera bambo ake. Apite naye kuchipatala akamuone kukhosi. Ambiri amachira akachotsedwa nyama zija ndi madokotala a makutu, mphuno ndi mmero.

Tsono muchite chiyani usiku uno? Wodwala sangadzione yekha, ndiye ntchitoyi ndi ya inu amene mumagona naye. Mkonono ukaduka musatembenuke n'kugona. Yambani kuwerenga pang'onopang'ono, dzanja lili pafupi ndi mphuno yake. Mukafika pa 10 mpweya usanatuluke, kenako n'kumva kufwenthera kuja, ndipo zikabwerezabwereza, mwaona matendawo ndi maso anu. Ngati muli ndi foni, jambulani kanema wa mphindi zingapo woonetsa chifuwa ndi nkhope, phokoso likumveka. Kanemayo mupite naye kuchipatala pamodzi ndi mwiniwakeyo. Ndikunena izi chifukwa masana munthuyu akamuyeza pachala kachipangizo kaja kamawerenga 97 kapena 98, mapapo ali bwinobwino, ndipo n'zosavuta kubwerera kunyumba atauzidwa kuti palibe vuto. Kuyeza kotsimikizira kumachitika munthu ali mtulo, usiku wonse, ndipo zipangizo zake sizipezeka pa chipatala chilichonse. Pemphani kalata yokutumizani ku chipatala chachikulu.

Podikira zimenezo pali zoti muyambe lero. Asagone chagada, chifukwa lilime limagwera kumbuyo mosavuta. Agone chammbali, ndipo ena amasokerera kampira kumsana kwa malaya ogonera kuti akatembenuka kawakumbutse. Mowa wa madzulo ndi fodya azisiye. Kuchepetsa thupi kumathandiza ndithu: munthu wa makilogalamu 100 akatsitsa 10, kubanika kumachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Koma kwa amene matenda akula, izi zokha sizikwanira. Chithandizo chodalirika ndi makina otchedwa sipapu, amene adayambitsidwa ndi dokotala Colin Sullivan ku Sydney, m'dziko la Australia, ndipo adalengezedwa mu 1981. Munthu amavala chophimba pamphuno, makinawo n'kumauzira mpweya wamba mosalekeza kuti makoma a mmero asagundane. Si botolo la okosijeni ayi. Okosijeni payekha sangatsegule njira yotsekeka. Makinawa ndi odula, amafuna magetsi usiku wonse, ndipo amagwira ntchito usiku umene mwawavala wokha. Mukawasiya, mmero umayambanso kugwa.

Ngati mukupita ku opaleshoni iliyonse, muwauze ogonetsa odwala kuti mumaliza mkonono wodukaduka, chifukwa mankhwala ogonetsa ndi opha ululu amphamvu angakutsekeni kukhosi mutatuluka kale m'fiyeta. Ndipo inu oyendetsa galimoto, njinga zamoto kapena makina, ngati mwasinzapo ngakhale kamodzi muli pa chiwongolero, musadikire kutha kwa mwezi. Imikani galimotoyo, mupite kuchipatala sabata ino, ndipo mutenge amene amakumvani usiku.