Zipi Yobisika Ikachita Mafunde, Musainamizire Zipiyo

Ndatopa kumva anthu akunena kuti zipi za masiku ano n'zachabechabe nthawi iliyonse imene siketi yachita mafunde kumbuyo. Zipi ilibe mlandu. Kansalu kamene kamagwira mano a zipi sikatamuka, koma nsalu ya siketi imatamuka, makamaka m'mbali mwa chiuno momwe msoko umakhota ndipo ulusi wa nsalu umadulidwa mopingasa. Mukalumikiza nsalu yotamuka kale ndi kansalu kosatamuka, nsalu yotsalayo imasowa kolowera, ndiye imatukuka.

Siketi ina ya satini imandiwawabe mumtima mpaka lero. Mwini wake anaibweretsa zipi ya m'mbali itapindikapindika ngati njoka. Nditaisomola n'kuyeza, mbali imodzi ya mpata wa zipi inali itatalika ndi sentimita yathunthu kuposa inzake, chifukwa wosokayo anasoka mbali ina kuchokera pamwamba, inayo kuchokera pansi, uku akukoka nsalu. Poona mafundewo wosokayo anathamangira simbi yotentha kwambiri, mano a nayiloni n'kupinimbira. Zipi ndinasintha, koma timabowo ta singano pa satini sititsekeka, ndipo tinatsala poonekera. Simbi siichotsa mafunde amene asokeredwa kale, ndipo aliyense wokuuzani kuti "tingosita zitheka" akukunamizani. Mukaona mafunde pa mbali yoyamba, somolani pomwepo musanafike pa layiningi.

Ntchito yeniyeni imachitika zipi isanakhudze n'komwe nsalu. Dulani timizere tiwiri ta sitifu yopyapyala yomata ndi simbi, toti mumate m'mphepete mwa mbali zonse ziwiri za mpata, masentimita 2 m'lifupi, totalika kupitirira pang'ono pothera mpata. Yezani m'mphepete mwa nsalu ndi pepala la patani, ndipo ngati mwatalika kale mubwezereni ndi nthunzi musanamate. Pomata, simbi muziiika ndi kuinyamula, osaikhwekhwereza. Sitifu yokhuthala ya m'makolala ndiyo imabweretsa kutukuka komwe tikuthawako.

Zipi ikhale yotalika kuposa mpata ndi masentimita 2 kapena 3, kuti kachitsulo kokokera katsike kunsi osatchinga phazi la makina. Msoko wa kunsi kwa zipi ukhale usanatsekedwe. Tsegulani zipi, muwongole mano ake ndi simbi yofunda chabe, kenaka muigwirize ndi ulusi wa pamanja, chifukwa mapini okha amalola nsalu yoterera kusuntha. Mbali zonse ziwiri zisokedwe kuchokera m'chiuno kutsika. Mukatha mbali yoyamba, tsekani zipi ndipo mulembe ndi choko pa kansalu ka mbali inayo pamene pali mzere wa chiuno ndi pamene msoko wathera, kuti ziwirizo zidzakumane ndendende. Manja azingotsogolera nsalu, asaikoke. Singano ikadutsa pafupi kwambiri ndi mano zipi imalimba potseka, ndipo imeneyo sichedwa kuthyoka.

Kachotupa kamene kamaoneka pothera zipi kamabwera munthu akafuna kuti msoko wa kunsi ukumane ndi wa zipi pamalo amodzimodzi. Sizitheka. Kokerani mchira wa zipi pambali, muyambe msokowo pamwamba pang'ono pa pamene wa zipi wathera, mamilimita 2 pambali pake, mbali yotalikira m'mphepete mwa nsalu, kenaka mubwerere pang'onopang'ono pa mzere wa msoko, sentimita 1.5 kuchokera m'mphepete mwa nsalu.

Tsono layiningi. Ambiri amaidula ndi kuisoka molingana ndi nsalu yakunja, kenaka n'kumadabwa ikamalumidwa ndi zipi. Layiningi iyenera kuchepa pang'ono pozungulira zipi. Nkhope ya layiningi ikhudzane ndi nkhope ya siketi, zipi ili pakati, ndipo m'mphepete mwa layiningi mutulukire kunja ndi mamilimita 5 kupyola m'mphepete mwa siketi. Sokani motsata kansalu ka zipi, pafupifupi theka la sentimita kutali ndi mano, kuti kachitsulo kapeze njira. Musanasoke mzere wa chiuno, pindani msoko wa zipiwo ugonere ku layiningi, mano akhale pa mpindiro penipeni, ndipo musoke chiuno modutsa pamwamba pa zonsezo. Mukatembenuza, ngodya imadzikoka yokha kulowa m'kati.

Pa ngodyapo pamakumana nsalu zambiri: yakunja, layiningi, sitifu ndi kansalu ka zipi. Musazidule mofanana. Layiningi idulidwe mofupika, yakunja itsale yotalikirapo, nsonga ya ngodya ichotsedwe mopingasa koma osafika pa ulusi. Mukatembenuza, tsinani ngodyayo ndi zala: ngati mukumva kanthu kolimba ngati njere, tembenuzaninso mudule. Posita komaliza yalani kansalu pamwamba, simbi isakhudze mano, ndipo siketiyo izizirire pathebulo pomwepo musanaikoloweke.