Reti ndiye amadya ndalama, osati chindapusa chokha

Pa ntchito yanga yosintha ndalama kuno ku Limbe, funso limene makolo amabwera nalo kawirikawiri ndi ili: mwana wanga ku Joni akuti watumiza marandi 5,000, nanga bwanji makwacha achepa chonchi? Sabata yatha mayi wina wa ku Ndirande anandionetsa uthenga pafoni yake, nkhope ili yakugwa, akuganiza kuti ejenti wamubera. Ejenti sanabe kanthu. Ndalamayo inadyedwa isanachoke n'komwe ku Joni.

Kampani yotumiza ndalama imapeza phindu pawiri. Pali chindapusa chimene imakuuzani poyera, ndiye pali reti, kutanthauza makwacha amene ikupatsani pa randi imodzi. Pa retipo ndi pamene ambiri sayang'ana.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Apu yoyamba ikuti kutumiza n'kwaulere, koma randi ikugula pa K92. Marandi 5,000 afika ngati K460,000. Yachiwiri ikudula marandi 100, koma reti yake ndi K98. Otsala 4,900 aja afika ngati K480,200. Yaulereyo yakudyerani K20,200, ndalama yoti mayi uja akanagulira magetsi ndi ndiwo. Zimandipweteka, chifukwa mwanayo amaigwirira usiku ndalama imeneyi.

Choncho musanatumize, lembani ndalama yofanana mu maapu awiri kapena atatu nthawi imodzi, monga Mukuru ndi WorldRemit ngati akugwira ntchito m'dziko limene muli, ndipo yang'anani mzere umodzi wokha, wa makwacha amene wolandira apatsidwe. Masamba a pa intaneti ofananiza mitengo monga Monito amachita zomwezi mwachangu, koma saonetsa kampani iliyonse, ndipo amalandira kangachepe mukadutsira kwa iwo. Muziwatenga ngati poyambira. Reti imene mumaona pa Google ndi yapakatikati, yongoyezera. Kusiyana kwake ndi ya mu apu ndiye mtengo wobisika uja. Samalaninso ndi reti yokoma ya ulendo woyamba, nthawi zambiri pa ulendo wachiwiri imakhala itatsika.

Reti ya dzulo musaidalire. Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya dziko lino inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, ndipo amene anatumiza kutatsala tsiku limodzi analandiritsa abale awo makwacha ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene anadikira.

Kuno kumudzi kulinso kodula. Ndalama ikalowa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kutapa kwa ejenti kuli ndi mtengo wake, ndipo akaunti ili ndi malire a ndalama imene ingasunge. Ngati ndi ndalama yogulira malata kapena poloti, kuli bwino ipite ku banki. Dzina la wolandira lilembedwe ndendende ngati pa chiphaso cha unzika. Mayi uja anabwezedwapo pakauntala chifukwa mwana wake analemba dzina la kwa mwamuna, chiphaso chili ndi la kwa bambo ake.