Mwana akadwala mutabwera kuchokera kumudzi: malungo a mu ubongo

Kuno ku Joni kulibe udzudzu wofalitsa malungo, ndipo ndi chifukwa chake ana athu obadwira kuno ali pachiopsezo chachikulu. Mwana wokulira ku Mangochi amalumidwa kuyambira ali wakhanda, thupi lake nkuyamba kuzolowera kulimbana ndi tizilomboto. Wobadwira ku Rosettenville kapena ku Diepsloot alibe chitetezo chimenechi. Tikapita naye kumudzi mu Disembala, mvula ikugwa, udzudzu uli ponseponse, usiku umodzi wogona popanda neti ndi wokwanira.

Matenda saonekera pomwepo. Nthawi zambiri pamapita sabata imodzi kapena ziwiri, mwina mpaka mwezi. Tiyerekeze mwana wa zaka 2 amene wabwera pa basi kumayambiriro kwa Januwale ali bwinobwino. Patapita masiku 10 watentha thupi, akusanza, akukana phala. Mayi akuti ndi chimfine, ampatsa panado. Tsiku lachitatu akungogona, akamudzutsa sakuyang'ana amayi ake kumaso. Madzulo wauma thupi, maso atembenuka, akugwedezeka ngati wakhunyu. Kugwedezekako kwatha, koma ola lathunthu lapita osatsitsimuka. Apa madokotala amayamba kuganizira malungo a mu ubongo.

Kachilombo koyambitsa malungowa, kotchedwa Plasmodium falciparum, kamalowa m'maselo ofiira a magazi ndi kuwachititsa kumata ngati ulimbo. Maselowo amakakamira m'timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo, magazi nkumayenda movutikira, mpweya nkumafika wochepa. Ubongo umatupa. Kafukufuku wa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, amene anatuluka mu 2015, anaonetsa pojambula mitu ya ana kuti ambiri mwa amene anamwalira ubongo wawo unali utatupa kwambiri. Chigaza sichifutukuka, choncho ubongo wotupawo umapanikiza mbali imene imalamulira kupuma, mwana nkusiya kupuma.

Palinso shuga. Mwana amene sakudya, tizilombo tikumudyeranso shuga wa m'magazi, akhoza kukomoka chifukwa cha kutsika kwa shuga kokha, ndipo izi zimavulaza ubongo msanga. Kugwedezekako sikuti nthawi zonse kumaoneka thupi lonse. Nthawi zina ndi chikope chabe chimene chikuphethira mosalekeza, kapena mlomo ukugwedera mbali imodzi, kapena dovu likutuluka ndipo kapumidwe kasintha. Mukaona zimenezi, auzeni anamwino.

Mwana akagwa chonchi kunyumba, mgonekeni chammbali kuti asatsamwe. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse madzi, mankhwala ngakhale LA amene munabwera naye kuchokera kumudzi, chifukwa mwana wokomoka sameza ndipo zimalowa m'mapapo. Imbani 10177, kapena 112 pa foni ya m'manja, kapena pezani galimoto nthawi yomweyo. Kupemphera pempherani muli m'njira.

Mukafika kuchipatala, mawu oyamba akhale akuti mwanayu anali ku Malawi, ndipo munabwera tsiku lakuti kudzera ku Tete. Ndikutsindika chifukwa ogwira ntchito kuno sakumana ndi malungo tsiku ndi tsiku monga kwathu, ndipo ena amaopa kunena za ulendo chifukwa cha nkhani za mapepala. Chonde nenani. Pemphani kuti amuyeze malungo, ndipo akapanda kupezeka koma thupi likutenthabe, ayezedwenso.

Chimene chimateteza ubongo ndi kuyamba msanga jakisoni wa atesuneti wa mumtsempha. Mwana wosakwana makilogalamu 20 amalandira mamiligalamu 3 pa kilogalamu iliyonse, ndiye wathu uja, akakhala wa makilogalamu 12, alandira mamiligalamu 36 akangofika, kenako pakatha maola 12, ndi maola 24. Akatsitsimuka nkuyamba kumeza, amamaliza ndi LA, amene kuno amatchedwa Coartem, kwa masiku 3. Pambali pa apo amamuyeza shuga pafupipafupi, kuletsa kugwedezeka ndi mankhwala, kutsitsa kutentha kwa thupi, ndi kumuika magazi ngati achepa. Ngakhale ndi chithandizo chonsechi, pa ana 100 odwala malungo a mu ubongo pafupifupi 15 mpaka 20 amamwalira. Ena mwa opulumuka amatsala ndi khunyu, kufooka kwa dzanja kapena mwendo, vuto la kuyankhula, kapena kuvutika kusukulu, ndipo zina zimaonekera patapita miyezi. Mwana akatuluka m'chipatala, musadumphe masiku obwererako.

Musananyamuke ulendo wa kumudzi, pitani ndi mwana kukiliniki kapena kufamase, amuyeze sikelo, mufunse mankhwala oteteza malungo oyenera msinkhu wake. Amayamba kumwedwa musanafike, ndipo amapitirira mutabwerako, monga momwe angakuuzireni. Neti yonyikidwa m'mankhwala ilowe m'chikwama chanu kuchokera konkuno, musadalire kuti mukaipeza kwa agogo.