Positi yoonedwa ndi anthu 2,000 ingathe kugonja kwa ya anthu 600

Eni mabizinezi ang'onoang'ono ambiri muno mu Zomba akamandionetsa peji yawo ya Facebook amathamangira nambala imodzi, ya anthu amene positi yawafikira. Ikakwera amati zayenda, ikatsika amati Facebook yawatembenukira. Koma nambalayi payokha singakuuzeni choti musinthe mawa. Muyenera kuiika pambali pa zinzake ziwiri, ya anthu odina linki ndi ya ndemanga, chifukwa wogula amayamba waona, kenako achite chidwi, kenako akupezeni. Chimene mukufufuza ndi pamene anthu akubwererapo.

Mukatsegula Insights, gawo loonetsa manambala pa peji yanu, kapena pulogalamu ya Meta Business Suite, mupeza mawu awiri amene anthu amawasokoneza. Reach ndi chiwerengero cha anthu osiyanasiyana amene positi yadutsa pa foni zawo, ndipo munthu mmodzi amawerengedwa kamodzi. Views imawerenga maulendo amene positiyo yaoneka, choncho mlamu wanu akaiona kanayi, kanayi konseko kalowa. Pakudinanso pali msampha womwewo. Link clicks ndi amene adina linki yanu yeniyeni, pomwe nambala ya kudina konse imaphatikiza ongokulitsa chithunzi ndi odina See more. Ngati cholinga chanu n'choti anthu akulembereni pa WhatsApp, yoyang'ana ndi Link clicks.

Tiyerekeze mayi woweta nkhuku zoyera ku Chinamwali, ndipo manambalawa ndi ongophunzirirapo. Waika mapositi awiri, onse ali ndi linki yopita ku WhatsApp yake. Yoyamba ili ndi chithunzi chowala bwino, iye atanyamula nkhuku yonenepa pakhomo pa khola, mawu ake akuti: "Nkhuku zakula, bwerani mudzagule." Yafikira anthu 2,000, odina linki 20, ndemanga 45. Yachiwiri ili ndi chithunzi chamdima cha m'kati mwa khola, koma yatchula mtengo, yanena kuti ali ku Chinamwali, ndiponso kuti wogula nkhuku zitatu amubweretsera m'tauni kapena ku Matawale. Yafikira anthu 600 okha, odina linki 30, ndemanga 6.

Mayiyu angaganize kuti yoyamba ndiyo yapambana. Tagawani odina ndi ofikiridwa. Pa yoyamba, 20 mwa 2,000 ndi munthu mmodzi pa 100 alionse. Pa yachiwiri, 30 mwa 600 ndi anthu asanu pa 100. Chithunzi chokongola chija chinaimitsa anthu ambiri, koma mawu ake sanawapatse chifukwa chodinira. Yachiwiri inaimitsa ochepa, koma amene anaimawo anapeza zomwe wogula amafuna kudziwa.

Ndemanga 45 zija ndi zimene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa apa m'pamene ambiri amanamizika. Ndemanga siziwerengedwa ngati matumba a chimanga, zimafunika kuziwerenga imodziimodzi n'kuzipatula. Choyamba chotsani mayankho anu omwe, poti nawonso amalowa m'chiwerengerocho. Tinene kuti mayiyu anayankha ka 15, ndiye zatsala 30. Mwa izo, 18 zikufunsa kuti "Zingati?", 7 zikuti "Muli pati?" kapena "Mumabweretsa ku Sadzi?", ndipo 5 ndi za abale ndi anzake a kutchalitchi, "Zokongola amayi, Mulungu adalitse." Zisanu zomalizazi n'zolimbikitsa mtima, koma sizikunena kanthu za malonda. Zina 25 zija zikunena chinthu chimodzi: positi inasiya mtengo ndi malo. Ndemanga zochuluka chonchi si chizindikiro chakuti positi yachita bwino, n'chizindikiro chakuti anthu akufunsa zimene anayenera kuziwerenga pomwepo. Ndipo popeza Facebook imakonda kufalitsa positi yomwe anthu akuyankhapo, mwina mafunso omwewa ndi amene anathandiza kukweza nambala ija kufika pa 2,000.

Ena amabisa mtengo dala, n'kumayankha aliyense kuti "bwerani ku inibokisi", ati kuti positi itenthe. Ine sindigwirizana nazo pa katundu wa mtengo wodziwika ngati nkhuku, mpunga kapena mazira. Munthu wofuna ndiwo za Lamlungu sadikira yankho mpaka madzulo, amangolunjika ku msika wa Mpondabwino.

Ndiye positi yachitatu ikhale yotani? Mayiyu atenge mawu a yachiwiri momwe alili, asasinthe kanthu, aikepo chithunzi chowala ngati cha yoyamba. Wasintha chinthu chimodzi basi, chithunzi. Akasintha chithunzi, mawu, nthawi ndi mtengo pakamodzi, manambala akakwera sadziwa chimene chawakweza. Aiikenso tsiku ndi ola lofanana ndi lomwe anaika yachiwiri ija. Muno mu Zomba izi n'zofunika kwambiri, chifukwa ogula ambiri ndi ogwira ntchito m'boma, aphunzitsi, asilikali ndi apolisi. Positi ya kumapeto kwa mwezi, anthu atalandira, singafanizidwe ndi ya pakati pa mwezi. Ogulitsa zakudya kufupi ndi Chikanda akudziwanso kuti ophunzira a ku yunivesite akatsekera, manambala amagwa ngakhale positi ikhale yabwino chotani.

Musaweruze positi itangotha maola awiri. Ipatseni masiku awiri kapena atatu, ndipo zonse muziziwerenga zitakhala nthawi yofanana. Manambala akakhala ochepa kwambiri, monga odina atatu apa ndi asanu apo, musamangepo chiganizo, chifukwa anthu awiri okha angasinthe zotsatira zonse. Bwerezani kuyesako kangapo muone ngati zikuloza komweko.

Yachitatu ija ikafikira anthu ambiri koma odina pa 100 alionse n'kutsika, onani komwe anthuwo ali. Insights imaonetsa mizinda imene otsatira peji yanu amakhala. Ngati ambiri ali ku Lilongwe, ku Mzuzu kapena ku Joni, kuchuluka kwawo sikugulitsa nkhuku ya ku Chinamwali. Zikatero, dzina la dera likhale m'mzere woyamba weniweni, ndipo positiyo muigawe m'magulu a anthu a mu Zomba.

Pali sitepe ina imene Facebook singakuonetseni pa linki wamba. Anthu 30 adina, koma ndi angati alemba uthenga? Izi muwerenga nokha pa WhatsApp, ndipo kope la sukulu likwanira: tsiku, positi, ofikiridwa, odina, olemba uthenga, ogula. Wogula watsopano mufunseni kuti, "Mwationa pati?" Mukapeza kuti odina ndi 30 koma mauthenga ndi awiri, vuto silili pa chithunzi kapena mawu, lili pa linki. Linki ya WhatsApp imayamba ndi wa.me/265 kenako nambala yanu, popanda 0 woyambirira uja, popanda + kapena mipata. Mukalembamo 0, wodina safika kwa inu. Kumbukiraninso kuti anthu ambiri amagula bandulo ya Facebook kapena ya WhatsApp yokha, choncho linki yopita kwina imatha kukana kutseguka ngakhale adine. N'chifukwa chake nambala ya foni muziilembanso poyera m'mawu a positi, ndipo musanaike positi yotsatira, bwerekani foni ya mnzanu wa netiweki ina mudine nokha linkiyo muone komwe ikukufikitsani.