Khungu la m'mutu likamavuta, meseji yopita kusaluni muzilemba chonchi

Ntchito yanga ndi yoona matenda a pakhungu, nde anthu amene amabwera ndi zilonda za m'mutu atachoka kusaluni ndimakumana nawo pafupipafupi. Ndikawafunsa kuti kodi munawauza okonza tsitsiwo, ambiri amati eya ndinawauza kuti khungu langa silichedwa kupsa. Koma mawu amenewo paokha sathandiza, wokonza tsitsi amangovomera kuti chabwino asisi tichita pang'onopang'ono, kenako n'kutenga mankhwala omwe aja, chifukwa simunamuuze chimene chinakuvutani. Meseji yabwino imanena kuti anakupakani chani, chinachitika n'chani, ndiponso chinayamba patapita nthawi yaitali bwanji. Chomalizachi ndi chimene anthu amasiya, pomwe ndi chimene chimaulula vuto lenileni.

Pali kupsa ndiye pali ziwengo, ndipo si chinthu chimodzi. Kupsa kumayamba pompopompo muli pampando, mumamva kuwotcha mankhwala akadali m'mutu, mawa lake tsitsi lamatirira pakhungu, pauma nkhanambo. Kawirikawiri imeneyo imakhala rilakisa. Rilakisa yambiri imakhala ndi sodiyamu haidirokisaidi amene ena amangoti layi, mphamvu yake pa sikelo ya pH yoyezera ukali wa mankhwala imafika 12 mpaka 14 pamene khungu lathu limakhala cha pa 5, nde ikakhalitsa imawotcha aliyense, kungoti ena amapsa msanga. Vuto ili limachepa ndi kachitidwe, kuteteza khungu, kuchepetsa nthawi, kutsuka mokwanira.

Ziwengo zimabwera mwakachetechete. Mumachoka kusaluni muli bwinobwino, patapita tsiku limodzi mpaka atatu kumayamba kuyabwa, totupa m'mphepete mwa tsitsi, kuseri kwa makutu, pakhosi, pena zikope kutupa, pena timatuza totuluka madzi. Amene amachita zimenezi kwambiri ndi PPD, mankhwala opezeka mu dayi wosasuluka msanga makamaka wakuda, komanso mu hena wakuda uja. Apa nde kachitidwe sikapulumutsa ayi. Vaselini sangakutetezeni, kuchepetsa maminitsi sikuthandiza, thupi likangoyamba kudana ndi PPD zimakhala choncho moyo wonse ndipo ulendo wachiwiri umatha kuposa woyamba. Musanamizidwenso ndi bokosi lolembedwa kuti mulibe amoniya kapena kuti ndi lachilengedwe, PPD atha kukhalamo ndithu, werengani mndandanda wa zosakaniza kumbuyo. Ndipo dayi wina wopanda PPD amakhala ndi mankhwala ofanana naye amene amawenganso anthu ena omwewo.

Tiyerekeze mayi amene ulendo watha anapakidwa rilakisa, inawotcha pasanathe maminitsi asanu, chaka chatha anadayanso tsitsi lakuda makutu n'kutupa mawa lake. Pano akufuna kuwongola tsitsi lomera kumene, kenako aluke. Meseji yake itha kukhala iyi:

"Muli bwanji asisi, ndikufuna ndibwere Loweruka koma ndati ndikuuziretu za khungu langa la m'mutu kuti mukonzekere. Ulendo watha rilakisa inandiwotcha pasanathe maminitsi asanu, paliwombo ndi kunkhongo panachita nkhanambo sabata yathunthu. Chaka chatha dayi wakuda anandiyabwitsa mawa lake, makutu ndi zikope zinatupa, nde dayi aliyense ngakhale hena wakuda musandipake. Chonde mundiuze dzina la rilakisa imene mugwiritse ntchito, kapena munditumizire chithunzi cha kumbuyo kwa bokosi. Ndikupempha yosalimba kwambiri, muyambe mwandipaka vaselini m'mutu monse ndi m'makutu, mupake tsitsi lomera kumene lokha, ndikanena kuti ikuwotcha titsuke pompo ngakhale tsitsi lisanawongoke bwino. Shampu ndi mafuta ndibweretsa zanga zopanda fungo, koma shampu yozimitsa rilakisa ija mugwiritse yanu. Kuluka ndidzabwera patapita masabata awiri. Ngati zimenezi zitenge nthawi yochulukirapo mundiuze, palibe vuto. Zikomo kwambiri."

Muone kuti sanadzudzule munthu, sananene kuti munandiwotcha, wangofotokoza zimene zinachitika n'kupempha zinthu zoti munthu atha kuchita ndi manja ake. Mawu oti ngakhale tsitsi lisanawongoke bwino ndi ofunika zedi. Okonza tsitsi ambiri amachedwetsa kutsuka chifukwa choopa kuti kasitomala adandaula kuti tsitsi silinagwire, nde amati pirirani pang'ono ikugwira ntchito. Kuwotcha si chizindikiro choti ikugwira ntchito, ndi khungu likupsa. Mukawamasuliratu pa meseji, sakhalanso ndi mantha amenewo.

Pa nkhani ya rilakisa yopanda layi, zoona kawirikawiri sivutitsa khungu kwambiri ngati ya layi ija, koma nayonso imawotcha ikakhalitsa, ndipo imaumitsa tsitsi, nde musaiyese ngati chishango. Mbali inanso ndi yanu, masiku atatu musanapite musakande m'mutu, musatsuke, musapese mokanda, chifukwa timing'alu tosaoneka timeneto ndi momwe mankhwala amalowera. Pakati pa rilakisa ina ndi ina padutse masabata osachepera 8. Ngati m'mutu muli kale zilonda kapena mfundu yochuluka yofiiritsa khungu, ingosunthani tsiku basi, palibe rilakisa yofatsa pachilonda.

Mesejiyo itumizeni kutatsala masiku atatu kapena anayi, osati muli pa khomo la saluni. Chifukwa chake n'choti ngati simunawengedwepo ndi dayi koma mukukayika, pamafunika kuyesa kaye, amasakaniza dayi pang'ono monga mwa malangizo a m'bokosi n'kupaka kadontho kuseri kwa khutu kapena mkati mwa chigongono, ndiye mumadikira maola 48. Pakafiira, kuyabwa kapena kutupa, dayi ameneyo ayi. Koma ngati munatupapo kale ngati mayi uja, musayese nokha kunyumba kapena kusaluni, pitani kwa a zakhungu akakuyezeni bwinobwino kuti adziwe mankhwala enieni okuwengani. Rilakisa yokha siyesedwa pakhungu chonchi, imayesedwa pa katsitsi kochepa.

Za kuluka nazo muzitchula mwachindunji. Nenani kuti m'mphepete asakoke, timatsitsi tapamphumi tofewa tija asatigwire n'komwe, malukidwe akhale okulirapo ndi opepuka. Mukaona kuti nsidze zakwera, simukutha kugonera mbali, mutu ukuwawa mpaka kufuna panado, kapena tatuluka timatuza m'mizere, dziwani kuti athinitsa, amasule tsiku lomwelo. Kukoka kotere kukamabwerezedwa tsitsi la m'mphepete limathothoka, poyamba limameranso koma pakapita zaka mizu imafa pamasala posalala mpaka kalekale, ndipo zimandimvetsa chisoni kuona atsikana achichepere atafika pamenepo. Maluko asapitirire masabata 6 mpaka 8. Ngati chimakuyabwitsani ndi meshi yatsopano, ambiri amathandizika akaiviika kaye m'madzi osakaniza ndi viniga pang'ono kwa maminitsi 15 kapena 20, kuitsukuluza n'kuiyanika, nde mutha kupempha kuti muitengeretu mukaikonze kunyumba.

Zina ndi zing'onozing'ono zoti mungowonjezera mzere umodzi, madzi ofunda osati otentha, kutsuka ndi nsonga za zala osati zikhadabo, dulaya yosatentha kwambiri, komanso mafuta ozizirira aja a mentho asakupakeni ngati amakulumani.

Mukabwerako kusaluni nkhope n'kuyamba kutupa, milomo kapena lilime kutupa, kapena kupuma kukuvuta, musalembenso meseji, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo ndipo mutenge bokosi la mankhwalawo kapena chithunzi chake.