Chakhumi chomwe chinadanitsa amonke a Cluny ndi a Cîteaux

Pa 21 Malichi 1098, Robert wa ku Molesme ndi amonke anzake anakhazika nyumba yawo m'dambo ku Cîteaux, ku Falansa. Pali mkangano wakale: kodi amonke a Cîteaux analidi osauka kuposa amonke a Cluny, nyumba ina ya ku Falansa komweko, omwe iwo ankawadzudzula?

Onse ankatsata Lamulo la Benedikito Woyera. Cluny inayamba cha mu 910, pomwe William, mfumu ya Aquitaine, anapereka malo n'kulemba kuti mfumu iliyonse, ngakhale iye mwini, isalowerere pa chuma cha nyumbayo. Koma mafumu ankafuna owapempherera akamwalira, choncho ankapereka minda, midzi ndi anthu ake omwe, matchalitchi ndi chakhumi chake. Mfumu Alfonso VI wa ku León, ku Spain, yekha ankatumiza ndalama zagolide 2,000 pachaka. Mapemphero anachuluka mpaka nthawi yogwira khasu inasowa.

A Cîteaux anakana zonsezo. Anati sadzadya chakhumi kapena thukuta la alimi a m'midzi. Adzalandira malo okha, n'kumalima okha pamodzi ndi abale osadzozedwa otchedwa akonversi. Mafumu sanawathawe ayi: Odo, mfumu ya Burgundy, anawathandiza kumanga ndipo manda ake ali komweko.

Pomwe zinthu zinapindikira, m'kuona kwanga, ndi mu 1132. Papa Innocent II analamula kuti a Cîteaux asamapereke chakhumi pa minda yolima okha. Taganizani: munda womwe dzulo unkapereka mtolo umodzi pa mitolo khumi ku tchalitchi, lero mwini wake waupereka kwa amonke a Cîteaux, ovala zoyera, ndipo mtolo uja watha basi. Amonke a Gigny, nyumba ya pansi pa Cluny, anataya chakudya chawo motero kwa anansi awo a Le Miroir, nyumba ya chipani cha Cîteaux. Petulo, mkulu wa Cluny, anadandaula m'makalata, mlandu n'kukhala zaka pafupifupi 20, mpaka anthu a Gigny anakagumula nyumba za Le Miroir. Kugumulako n'kulakwa, koma a Gigny sanapemphe kuti awalande zomwe ankadalira. Msonkhano waukulu wa Mpingo wa ku Laterano, ku Roma, wa 1215 ndiwo unadula ufuluwo pa minda yopezedwa pambuyo pake.

Umboni wake ngofunika kuusefa. Nkhani ya chiyambi cha Cîteaux analemba ndi eni ake, ndipo katswiri wa mbiri yakale Constance Berman mu 2000 anati zolembazo zinakonzedwa patapita zaka zambiri, ngakhale akatswiri ambiri anamutsutsa. Bernardo wa ku Clairvaux, mmonke wa chipani cha Cîteaux, ponyoza madyerero a Cluny cha mu 1125, ankalemba ngati womenya nkhondo. Alimi omwe anasamutsidwa ku Mangalande kuti midzi yawo isanduke minda ndi mabusa a nkhosa za amonke oyera sanasiye kalata. Timawadziwira m'zolemba za omwe anawasamutsawo ndi za adani awo.