Ndalama za pakhomo si phindu la mwini filimu

Ndatopa kumva anthu akunena kuti mwini filimu walemera chifukwa chakuti filimu yake inadzaza holo. Ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, ndipo ena mwa amene amabwera ku ofesi yanga kuno ku Chipata ndi achinyamata opanga mafilimu pamodzi ndi abale amene anawathandiza. Pafupifupi onse amabwera atagwira nambala imodzi, ya ndalama zonse zimene zinalowa pogulitsa matikiti. Amaiwala kuti ndalamazo zimadutsa m'manja mwa anthu atatu zisanafike kwa amene anapanga filimuyo, ndipo aliyense amatapapo gawo lake.

Nkhani imene imandiwawabe mumtima ndi ya mnyamata wina wa kuno amene anajambula filimu ya m'Chinyanja pa K180,000. Zambiri mwa ndalamazo anapatsidwa ndi azakhali ake a ku Katete, amene anagulitsa ng'ombe ndi matumba a nshawa atalonjezedwa kuti adzabwezeredwa filimu ikangoonetsedwa. Filimuyo inapita ku Lusaka kudzera mwa kampani yofalitsa mafilimu, inaonetsedwa masabata anayi, ndipo pakhomo panalowa K290,000. Azakhaliwo atamva nambalayi anabwera kwa ine atanyamula kabuku kamene analembamo ng'ombe iliyonse ndi mtengo wake, nati, "Bambo, mwanayu wandibera, chifukwa ndalama zalowa zoposa zimene ndinamupatsa." Mnyamatayo sanabe ngakhale ngwee imodzi, koma zinanditengera masana onse kuti ndiwaonetse kumene ndalamazo zinapita.

Woyamba kutapa ndi boma. Msonkho wa VAT kuno ku Zambia ndi 16 peresenti ndipo umakhala kale mkati mwa mtengo wa tikiti, choncho pa K290,000 ija, K40,000 inali ya ZRA. Zogawana zinayambira pa K250,000.

Wachiwiri ndi mwini sinema, amene kawirikawiri amatenga pafupifupi theka. Ambiri amakwiya akamva zimenezi, koma iyeyu ndiye amalipira lendi ya nyumba, magetsi, antchito ndi makina oonetsera, ndipo zonsezi amalipira ngakhale pa tsiku limene mwalowa anthu asanu okha. Chimene anthu sadziwa ndi chakuti m'mapangano ambiri gawoli limasintha masabata akamapita: sabata yoyamba mwini sinema amatenga zochepa, koma anthu akamachepa m'masabata otsatira gawo lake limakwera, chifukwa akanatha kuchotsa filimu yanuyo n'kuikapo yatsopano. Pangano la mnyamata uja linali lotere, ndipo pamasabata anayi onse sinema inatenga K140,000. Kunatsala K110,000. Ndalama za zakumwa ndi chimanga chokazinga zimene anthu amagula polowa ndi za sinema yokha, ndipo mwini filimu sagawirako.

Wachitatu ndi wofalitsa, amene amakambirana ndi masinema, kukonza filimu kuti igwirizane ndi makina awo, kulengeza pa wailesi ndi kusindikiza zikwangwani. Iyeyu amatapa kawiri, ndipo apa ndi pamene ndimapempha anthu kuti awerenge pang'onopang'ono. Choyamba amatenga malipiro ake, amene m'pangano limeneli anali 30 peresenti ya K110,000, kutanthauza K33,000. Kenako amadzibwezera zonse zimene anawononga polengeza, zimene zinakwana K52,000. Mnyamata uja analandira K25,000, pa filimu imene inadya K180,000. Holo inadzaza ndithu, koma iye anali adakali m'dzenje la K155,000, ndipo ochita sewero amene anagwira ntchito polonjezedwa gawo la phindu sanalandire kanthu, chifukwa phindu panalibe. Alimi a thonje a ku Katete ndi ku Petauke amazidziwa bwino zimenezi: mtengo wa mabelo onse si umene umalowa m'thumba, popeza kampani imayamba yachotsa nkhongole ya mbewu ndi mankhwala. Azakhali aja anamvetsa nditawafotokozera motero, koma kumvetsa sikunabweze ng'ombe zawo.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chakuti chiganizo chimodzi cha m'panganolo chikanasintha zinthu. Wofalitsa akanayamba wachotsa K52,000 yake, n'kutenga 30 peresenti pa K58,000 yotsalayo, malipiro ake akanakhala K17,400, ndipo mnyamatayo akanalandira K40,600 m'malo mwa K25,000. Ofalitsa ambiri savomera kuwerengera kotere, koma munthu amene akudziwa kusiyana kwake amakhala ndi poyambira pokambirana, mwina n'kutsitsako peresentiyo. Panganolo linalibenso malire a ndalama zolengezera, choncho wofalitsa anali ndi ufulu wowononga mmene anafunira podziwa kuti adzadzibwezera pa gawo la mnzake. Silinanene kuti mwini filimu ali ndi ufulu woona malisiti, kapena malipoti a matikiti a tsiku ndi tsiku ochokera ku sinema. Titapempha malisitiwo anatiyankha kuti panganolo siliwakakamiza, ndipo ananena zoona.

Musaganize kuti zimenezi zimagwera anthu ang'onoang'ono okha. Filimu ya Harry Potter and the Order of the Phoenix, ya mu 2007, inalowetsa madola oposa 900 miliyoni padziko lonse, koma chikalata cha mawerengero ake chimene chinatuluka poyera chinaonetsa kuti inaluza madola 167 miliyoni, atachotsa malipiro a wofalitsa, zolengezera ndi chiwongoladzanja. N'chifukwa chake ndimauza aliyense amene walonjezedwa gawo la phindu kuti afunse kuti phindulo lidzawerengedwa atachotsa chiyani, ndipo yankho lilembedwe m'pangano chimodzi ndi chimodzi, osati pakamwa.

Ena amati njira yabwino ndi kupewa onsewa, kubwereka holo kuno ku Chipata n'kumaonetsa okha. Zoona, ndalama za pakhomo zimakhala zanu zonse, koma lendi ya holo, makina oonetsera, zokuzira mawu, mafuta a jenereta magetsi akazima, alonda ndi kulengeza zimakhalanso zanu zonse, ndipo mumalipira musanadziwe ngati anthu abwera. Ndaonapo holo ya mipando mazana awiri itadzaza, koma powerenga ziputu za matikiti tinapeza kuti ambiri anali abale, abwenzi ndi alendo olemekezeka olowa ulere.

Ndikuchenjezani makamaka za anthu amene akuyendayenda podzitcha ofalitsa, n'kumapempha ndalama zoyambira kuti akaikire filimu yanu ku masinema kapena pa wailesi ya kanema. Wofalitsa weniweni amalandira malipiro ake filimu ikagulitsidwa, ndipo nthawi zina ndiye amakupatsani ndalama zachikole zimene adzadzibwezera pambuyo pake. Amene akufuna kuti mumulipire poyamba, koma sangatchule sinema imene anagwirapo nayo ntchito kapena kukuonetsani lipoti la filimu ina imene anafalitsapo, musamupatse filimu yanu, ndipo musasaine pepala lomupatsa ufulu wonse kwa zaka zambiri. Musatengenso kaloba podalira tsiku loyamba kuonetsa, chifukwa sinema imalipira wofalitsa patapita nthawi, wofalitsanso amatenga nthawi yake, pamene chiwongoladzanja cha kaloba chikukwera mwezi ndi mwezi.

Mnyamata uja anabwera kwa ine patapita miyezi isanu ndi iwiri atasaina. Akanabwera ndi pepalalo lisanasainidwe, ola limodzi likanakwanira kuikamo malire a zolengezera, ufulu woona malisiti ndi tsiku lolandira ndalama. Chimene tinapulumutsa ndi chimodzi chokha: panganolo linali la masinema basi, choncho ufulu wogulitsa filimuyo ku wailesi za kanema unatsala m'manja mwake, ndipo ndi kumeneko kumene akuyembekeza kupezako zobwezera azakhali ake.